Magetsi abwera, tchaja yapsa

Ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi simusowa kuyang'ana babu kuti mudziwe kuti magetsi abwera. Ana ndiwo amalengeza. Mfuu imayambira kutali n'kumayandikira nyumba ndi nyumba: "Ayaka! Ayaka!" Pomwepo aliyense amathamangira ku soketi. Foni yathima kuyambira m'mawa, wina akudikira uthenga wa ndalama, wina ali ndi ntchito mu laputopu yoti aitumize dzuwa lisanalowe, ndipo palibe amene akudziwa kuti magetsiwo akhala maola angati. Chonsecho mphindi zoyambirira zimenezi, zimene tonse timalimbirana, ndi zina mwa nthawi zimene tchaja imakhala pa ngozi kwambiri.

Kuthimathima kwa magetsi sikutha mawa. Magetsi ambiri a m'dziko muno amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kotero madzi akachepa kapena zinyalala zikatseka makina, dziko lonse limamva. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anasowa kwa nthawi yoposa chaka, ndipo madera ankachita kulandirana magetsi. Abale athu a ku Zambia anaona zofananazo mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Kuthima kulikonse kuli ndi kuyaka kwake. Kumene magetsi amathima kawiri pa tsiku, tchaja yosiyidwa pakhoma imalandira kuyakako kawiri pa tsiku.

Munthu akapsetsa matchaja awiri atatu, anzake amamuuza kuti akagule seji pulotekita. Malangizowa si olakwika, koma ndi operewera. Seji pulotekita imalimbana ndi vuto limodzi lokha mwa mavuto amene magetsi athu ali nawo, ndipo vuto limene limapsereza matchaja ambiri nthawi imodzi, nyumba zingapo zoyandikana, silitheka ndi iyo. Kuti munthu asataye ndalama, ayenera kuyamba wadziwa chimene tchaja yake imapirira ndi chimene siingapirire.

Chimene tchaja imapirira

Tembenuzani tchaja yanu muwerenge timalemba ting'onoting'ono tili kumsana kwake. Pa matchaja ambiri a foni ndi a laputopu mupeza mawu akuti Input: 100-240V. Magetsi a m'nyumba zathu amayenera kukhala mavoliti 230, koma tchajayo inapangidwa kuti izigwira ntchito ku Japan kumene magetsi ndi mavoliti 100, ku Amereka kumene ndi 120, komanso kuno kwathu. Ndiye madzulo, aliyense akayatsa hotipuleti, mababu n'kumayaka mofooka, mavoliti atatsika kufika 190 kapena 180, tchaja yabwino siidandaula. Imangokoka magetsi ochulukirapo pang'ono n'kupitiriza ntchito. Chimene chimavutika ndi magetsi ofooka ndi filiji, pampu ya madzi ndi china chilichonse chokhala ndi mota. N'chifukwa chake kugula sitebilaiza yolemera ndi yodula chifukwa cha matchaja okha, kwa ine, n'kutaya ndalama.

Ngozi ili kumtunda. Magetsi akangolowa mu tchaja amadutsa pa kafyuzi, kenako amasandutsidwa kukhala oyenda mbali imodzi n'kusungidwa mu kapasita, kachitini kakang'ono kozungulira kamene m'matchaja ambiri kamalembedwa 400V. Nambala imeneyi ndiyo malire a moyo wa tchaja. Magetsi a pakhoma amakwera ndi kutsika maulendo 50 pa sekondi, ndipo 230 imene timatchula ndi yapakatikati chabe. Nsonga yake ndi yokwera kuposa pamenepo, ndipo kapasita imadzaza mpaka pa nsongayo. Kuti muipeze, chulukitsani mavoliti a pakhoma ndi 1.41. Pa 230 kapasita imakhala cha pa 325, ili ndi mpata. Pa 260 imakhala pa 367, ikutentha koma ili moyo. Pakhoma pakangopitirira 280, yafika pa malire ake a 400. Kuchokera pamenepo imafufuma, imatulutsa madzi, kapena imaphulika ndi kaphokoso kamene ambiri timakadziwa, kotsatana ndi fungo la pulasitiki yopserera.

Choncho mdani wa tchaja ndi mavoliti okwera, ndipo amabwera m'njira ziwiri zosiyana kwambiri. Njira yoyamba ndi kulumpha kwa kanthawi kochepa zedi, kosakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, koma kotha kufika mavoliti masauzande. Kumeneku ndiko amisiri amakutcha seji. Kumabwera mphezi ikagwa pafupi ndi mawaya, ngakhale kutali ndi nyumba yanu, kapena akamalumikiza ndi kudula mawaya akuluakulu, kapena chigayo ndi makina owotcherera zitsulo a pafupi akamayatsidwa ndi kuthimitsidwa. Njira yachiwiri ndi kukwera kokhalitsa: mavoliti 300, 350 kapena kuposa, kwa masekondi, mphindi ngakhale maola. Seji pulotekita inapangidwira njira yoyamba yokha.

Nanga kuyaka kwa magetsi kumalowa pati? Akamalumikiza dera lonse nthawi imodzi, kulumikizako kumabweretsa kulumpha kwake. Mafiliji onse, mapampu ndi zigayo zimene zinasiyidwa zoyatsa zimadzuka limodzi, mavoliti n'kumagwa ndi kukwera kwa kanthawi asanakhazikike. Nthawi zambiri magetsiwo amayaka, kuthima, kuyakanso patangopita masekondi. Kuphethiraphethira kumeneku kumazunza kwambiri matchaja a laputopu. Kapasita yopanda kanthu imameza magetsi ambiri pa kamphindi koyamba, ndicho chifukwa mumaona kamoto pa soketi mukamalowetsa tchaja ya laputopu. M'matchaja ambiri akuluakulu muli kachipangizo kochepetsa kumezako, koma kamagwira ntchito kakakhala kozizira. Magetsi akathima n'kuyakanso kasanazizire, fyuzi ndi tizipangizo ta pakhomo pa tchaja timalandira nkhonya yonse.

M'kati mwa seji pulotekita

Mukaizula pakhoma n'kuitsegula seji pulotekita yeniyeni, mupeza kachinthu kaphwatalala kozungulira, kawirikawiri kabuluu, kotalika mamilimita 14 kapena 20 m'mimba mwake, kali ndi miyendo iwiri. Dzina lake ndi valisita, ndipo pa mabokosi amalemba MOV. Ena amaikamo kamodzi, ena titatu. Kamalumikizidwa pakati pa mawaya a magetsi, ndipo mavoliti akakhala abwinobwino kamangokhala duu, osadutsitsa kanthu. Mavoliti akalumpha, kamatseguka nthawi yomweyo n'kudutsitsa magetsi owonjezerawo mwa iko komwe, kotero kuti kumene kukanafika mavoliti 3,000 kumangofika 700 kapena 800 kwa kanthawi kochepako. Tchaja yopangidwa bwino imapirira zimenezo. Kulumphako kukadutsa, valisita imatsekanso.

Valisita ili ngati kangalande kakang'ono ka pakhonde. Wina akakhuthula chidebe cha madzi, kangalandeko kamawatenga onse, m'nyumba osalowa dontho. Koma mtsinje ukasefukira, kangalandeko ndiko kamayamba kukokoloka. Valisita imasandutsa magetsi owonjezera kukhala kutentha, ndipo thupi lake n'laling'ono. Kutentha kwa kanthawi imakupirira. Kwa mphindi yathunthu siingathe.

Pali zinthu ziwiri zimene ogulitsa satchula. Choyamba, valisita siichita kanthu pa mavoliti okwera pang'ono. Imene yalembedwa 471K, yomwe imapezeka m'zipangizo zambiri, inapangidwa kuti ikhale chete mpaka mavoliti 300 a pakhoma. Kumbukirani kuti kapasita ya tchaja imafika pa malire ake cha pa 280. Pakhoma pakakhala 290 usiku wonse, seji pulotekita ikhala ikuwalitsa kagetsi kake mosangalala matchaja akupsa pang'onopang'ono. Chachiwiri, valisita imatha. Kulumpha kulikonse kumene yameza kumaidya pang'ono, mpaka tsiku lina imafa, ndipo masoketi amapitiriza kupereka magetsi ngati kale. Seji pulotekita imene yakhala pakhoma dzinja zingapo m'dera la mphezi ikhoza kukhala kuti inasanduka ekisitenshoni wamba kalekale, mwini wake osadziwa.

Pamsika chinyengo chilipo chambiri. Ekisitenshoni yokhala ndi switchi yofiira yoyaka, kapena kawindo kokhala ndi kasingano koloza mavoliti, si seji pulotekita. Kabatani kolembedwa Reset kamadula magetsi mukalumikiza zinthu zambiri mopitirira muyeso, sikaona za kulumpha kwa mavoliti. Yeniyeni imakhala ndi kagetsi kachiwiri kolembedwa Protected kapena Surge, kamene kamathima valisita ikafa, ndipo kagetsi kameneka kakathima, nthawi yogula ina yakwana. Pa bokosi payenera kuoneka manambala osati chithunzi cha mphezi chokha. Uc ndi mavoliti amene valisita ingakhale nawo nthawi zonse osawonongeka, ndipo kwa ife asachepere 275. Up ndi mavoliti amene amadutsabe kukafika ku zipangizo zanu, ndipo akachepa ndiye bwino, musapitirire 1.5kV. Mukaona IEC 61643-11, umenewo ndi muyeso wa padziko lonse lapansi umene zipangizozi zimayesedwera, ngakhale kuti wachinyengo naye amatha kuusindikiza. Nambala ya majulo, imene imalembedwa ndi zilembo zazikulu, imangokuuzani kuti m'katimo muli valisita yaikulu kapena zingapo. Ikakula n'zabwino, koma makampani amawerengera mosiyanasiyana, choncho musaidalire yokha. Chimene ine ndimafunsa poyamba n'chakuti kodi muli fyuzi yodula valisita ikatentha. Popanda fyuzi imeneyo, valisita yopsa ili m'chikopa cha pulasitiki, pansi pa katani, ndi chiyambi cha moto.

Tsiku limene nyutulo yaduka

Tiyerekeze mnyamata wa pa tiredingi senta amene amatchajitsa mafoni. Pa shelefu yake pali matchaja 20, iliyonse ikukoka mawati pafupifupi 10, onse pamodzi mawati 200. Khomo loyandikana nalo ndi la mayi wophika tiyi ndi nsima, ali ndi hotipuleti ya mawati 2,000.

Kuchokera pa thiransifoma pamayenda mawaya anayi: atatu amoto, amene amisiri amawatcha mafezi, ndi mmodzi wobwezera, nyutulo. Nyumba iliyonse imatenga waya mmodzi wamoto ndi nyutulo, ndipo pakati pa awiriwa pali mavoliti 230. Koma pakati pa waya wamoto ndi wamoto mnzake pali mavoliti 400. Mnyamata uja ali pa fezi ina, mayi uja pa fezi ina, nyutulo ndi imodzi. Tsiku lina nyutuloyo yaduka pakati pa iwo ndi thiransifoma. Mwina nthambi yagwera waya, mwina cholumikizira chachita dzimbiri n'kupsa, mwina akuba akopa afika pa thiransifoma usiku, vuto limene ESCOM yakhala ikulidandaula kwa zaka zambiri.

Magetsi sathima. Apa ndi pamene pali msampha. Amalowa pa fezi ya mnyamata, kudutsa m'matchaja ake, kuyenda pa chidutswa cha nyutulo chimene chatsala, kulowa mu hotipuleti ya mayi, n'kubwerera pa fezi inayo. Makomo awiriwa tsopano akugawana mavoliti 400, ndipo sagawana mofanana. Amene akukoka zochepa ndiye amalandira gawo lalikulu. Hotipuleti ikukoka kuchulukitsa ka 10 kuposa matchaja, choncho mwa magawo 11, mnyamata alandira 10, mayi alandira limodzi. Kwa mayi kukufika mavoliti pafupifupi 36, mphika sukuwira, babu likungofuka. Kwa mnyamata kukufika pafupifupi 364. Chulukitsani ndi 1.41 muja: makapasita a 400V alandira mavoliti opitirira 510. Pa mzere weniweni pamakhala nyumba zambiri, ndipo manambala amasinthasintha wina akayatsa kapena kuthimitsa chinthu, koma mchitidwe wake ndi womwewu. Amene ali pa fezi yokoka zochepa, ya mababu ndi matchaja okha, ndiwo amapsetsa katundu, pamene a pa fezi ya mahita ndi mauvuni amangodandaula kuti magetsi afooka.

Ngati matchaja aja ali pa ekisitenshoni wamba, aphulika motsatizana m'masekondi ochepa. Abwino adzafa okha, fyuzi yaduka, foni yapulumuka. Otsika mtengo, amene m'kati mwake mbali ya magetsi a pakhoma ndi mbali ya foni zatalikirana pang'ono chabe, angathe kudutsitsa magetsiwo mpaka ku foni ya kasitomala.

Ngati ali pa seji pulotekita, valisita iyamba kudutsitsa magetsi mosalekeza chifukwa 364 yapitirira 300 yake ija. Itentha. Ikakhala ndi fyuzi ya kutentha, fyuziyo ichotsa valisita, kagetsi ka Protected kathima, ndipo pa mitundu yambiri masoketi apitiriza kupereka mavoliti 364 kwa matchaja. Ikakhala yopanda fyuzi, mwina iphulitsa fyuzi ya mu pulagi n'kupulumutsa zinthu mwamwayi, mwina isungunula pulasitiki. Mulimonsemo, si chitetezo choti munthu n'kudalira.

Chimene chikanamupulumutsa ndi chipangizo china, chimene ambiri timangochitcha gadi, ndipo mitundu ina imalembedwa AVS. Gadi siimeza kanthu. Imayeza mavoliti nthawi zonse, ndipo akapitirira malire, kawirikawiri cha pa 260, kaswitchi ka m'kati mwake kamadula magetsi. Mumamva "kha", kagetsi kofiira n'kuyaka. Mavoliti akabwerera m'malo, gadi siifulumira: imadikira masekondi angapo kapena mphindi zingapo, ikaona kuti akhazikika ndipo imalumikiza. Kudikira kumeneku ndiko kumathetsanso vuto la kuyaka kwa magetsi. Dera lonse likamalimbana ndi kuphethira ndi kulumpha kwa mphindi yoyamba, matchaja anu amakhala asanalumikizidwe.

Pogula gadi pali polakwika pamodzi podziwika. Imene imapezeka kwambiri ndi filiji gadi, ndipo munthu amaganiza kuti yoteteza filiji ingatetezenso tchaja. Koma mdani wa filiji ndi mavoliti otsika, choncho mafiliji gadi ena amadula magetsi akatsika okha. Pa tchaja imeneyo idzakuthimitsirani madzulo pamene tchaja ikanagwira ntchito bwinobwino, n'kukusiyani pa mbalambanda tsiku la 364. Ya matchaja ndi imene imagulitsidwa ngati ya wailesi ya kanema kapena ya kompyuta, kapena imene imadula mbali zonse ziwiri. Werengani pa bokosi: payenera kulembedwa High voltage kapena Over voltage ndi nambala yake.

Kukula kwake si vuto. Gadi yaing'ono ya maampu 5 imanyamula mawati opitirira 1,000, pamene mnyamata uja akukoka 200. Ngakhale matchaja onse 20 atakhala othamanga a mawati 25, angofika 500. Chimene chingaiphe ndi tsiku limene wina adzabwereka soketi kuti asite malaya kapena awiritse madzi mu ketulo.

Gadi nayo ili ndi pofooka. Kaswitchi kake kamatenga kagawo ka sekondi kuti kadule, nthawi yochepa kwa kapasita imene ikutentha, koma yaitali zedi poyerekeza ndi kulumpha kwa mphezi, kumene kumakhala kutadutsa kale. Ndiye ziwirizi zimafunana. Magadi ambiri amakhala ndi valisita yaing'ono m'kati, koma kumene mphezi n'zambiri ndi bwino kukhala ndi zonse, ndipo dongosolo lake ndi ili: gadi ilowe pa soketi ya pakhoma, seji pulotekita ilowe mu gadi, matchaja alowe mu seji pulotekita. Mukatero, tsiku la nyutulo gadi imadula magetsi valisita isanapse. Mukatembenuza, valisita ili kutsogolo, ilandira chigumula chonse yokha. Ngati ndalama ikukwana chimodzi chokha, ine ndinganene kuti yambani ndi gadi yodula mavoliti okwera imene ili ndi valisita m'kati.

Eni nyumba amene angakwanitse ali ndi njira yabwinopo: kachipangizo koikidwa pa bolodi ya magetsi, pafupi ndi meni switchi, kamene kamaonetsa mavoliti pa kawindo ndi kudula nyumba yonse akapitirira malire amene mwaika. Pambali pake pangaikidwe seji pulotekita ya pa bolodi yolembedwa Type 2, imene imameza zambiri kuposa ya pa soketi. Iyi ndi ntchito ya mmisiri wa magetsi wovomerezeka, osati ya mnyamata wa pa mpanda amene amadziwa kulumikiza babu.

Kuduka kwa nyutulo kumaoneka, munthu akakhala tcheru. Mababu amawala modabwitsa, kuyera kuposa masiku onse, pamene kwa aneba akuti magetsi afooka. Aneba akayatsa hotipuleti, kwanu kumawala kwambiri m'malo mofooka. Fani imathamanga ngati yapenga, matchaja amalira kapena kununkha. Mukaona zimenezi musayambe kuzula chimodzichimodzi. Thamangirani ku meni switchi, thimitsani nyumba yonse, chenjezani oyandikana nawo, imbirani a ESCOM, ndipo musayatsenso mpaka atakonza. Chinthu chikayaka moto, madzi ayi mpaka magetsi atathimitsidwa.

Ethi, mapulagi ndi mphezi

Soketi yathu ili ndi mabowo atatu, ndipo la pamwamba ndi la ethi, waya wopita ku chitsulo chokhomedwa m'nthaka. Seji pulotekita ya mavalisita atatu imagwiritsa ntchito waya ameneyu kutayira kulumpha kumene kwabwera pa mawaya onse awiri nthawi imodzi, monga zimachitikira ndi mphezi. Ethi ikakhala kulibe, valisita ya pakati pa waya wamoto ndi nyutulo imagwirabe ntchito, ndipo imathandizabe tchaja ya mano awiri, koma zinazo zimangokhala. M'nyumba zambiri za lendi bowo lachitatu lilipo koma kuseri kwake kulibe waya, kapena chitsulo cha m'nthaka chinadyeka, kapena chinabedwa. Ngati laputopu yachitsulo imakunyerenyetsani m'manja ikamatchaja, kapena mpopi wa m'bafa umaluma, itanani mmisiri ayeze ethi.

Ndiyeno pali mchitidwe umene tonse tinauzolowera. Tchaja yabwera ndi mano awiri ozungulira, soketi ndi ya mabowo atatu amakona. Munthu amatenga chivindikiro cha bolopeni, kamtengo ka machesi, ena mpaka kiyi, n'kutokosa bowo la pamwamba kuti zitseko za m'munsi zitseguke, kenako n'kukankhira tchaja. Mano ozungulirawo sagwira bwino m'mabowo amakona. Tchaja imalendewera, imathetheka, ndipo kuthetheka kulikonse ndi kuthima ndi kuyaka kwa magetsi kwa tchajayo, kambirimbiri pa ola. Yang'anani m'mphepete mwa mabowo: mukaona pakuda kapena pachikasu popserera, soketi imeneyo ikupha matchaja anu popanda thandizo la wina aliyense, ndipo palibe gadi kapena seji pulotekita imene ingaletse zimenezo, chifukwa vutolo lili kutsogolo kwa izo. Adaputa yabwino yokhala ndi fyuzi, kapena tchaja ya mano atatu, n'zotsika mtengo kuposa foni.

Tchaja yeniyeniyo nayo ndi mbali ya chitetezo. Yachinyengo imapepuka m'manja, malemba ake amafufutika ndi chala, imatentha kwambiri, ndipo foni ikakhala pa iyo sikirini imachita zake, mukadina apa iyo n'kutsegula apo. Tchaja yotere inachotsedwa tizipangizo tosefa magetsi kuti itsike mtengo, ndipo mavoliti 700 aja amene valisita imalola kudutsa ikhoza kulephera kuwapirira.

Ogwiritsa ntchito jenereta akumbukire kuti majenereta ang'onoang'ono amakweza mavoliti akamadzuka, akamatsamwa mafuta akutha, komanso chinthu cholemera chikathimitsidwa mwadzidzidzi. Lizani jenereta, idikireni ikhazikike, kenako lumikizani matchaja kudzera pa gadi, ndipo muwachotse musanaithimitse.

Za mphezi tinene zoona. Imene yagwa patali n'kutumiza kulumpha m'mawaya, seji pulotekita ikhoza kuimeza. Imene yagwa pa polo ya pakhomo panu kapena pa denga, palibe kachipangizo ka pa soketi kangaime nayo. Kuthimitsa switchi ya pa soketi sikukwanira, chifukwa kampata ka m'kati mwa switchi ndi ka mamilimita ochepa, ndipo moto umene wadutsa mlengalenga kuchokera ku mitambo sungalephere kulumpha pamenepo. Mabingu akayamba kumveka pafupi, zulani pulagi, ndipo foni imene ili pa tchaja musaigwire kapena kuiika kukhutu. Apa ndi pamene kulumikiza matchaja onse pa seji pulotekita imodzi kumathandiza: pulagi yozula ndi imodzi, ngakhale mwana akhoza kutumidwa.

Amene alibe gadi angachite ndi manja zimene gadi imachita. Magetsi akathima, zulani matchaja ndipo musiye babu limodzi loyatsa kuti likudziwitseni. Akabwera, dikirani mphindi zitatu kapena zisanu mukuyang'ana babulo. Likamawala mokhazikika, losaphethira, losayera mopitirira, lumikizani. Vuto la njira imeneyi n'lakuti magetsi amakonda kubwera pakati pa usiku anthu ali m'tulo, kapena masana onse ali ku ntchito, foni itasiyidwa pa tchaja kuti "ikadzaze akabwera". Ngati mumachita zimenezi, ndiye kuti gadi mukuifuna, ndipo foniyo isagone pa matilesi kapena pansi pa pilo.

Kamita koyezera mavoliti kolowetsa pa soketi kangakuuzeni mtundu wa dera limene mukukhala. Yezani cha m'ma 6 koloko madzulo pamene anthu akuphika, muyezenso pakati pa usiku pamene onse agona. Nyumba za kumapeto kwa mzere zimaona mavoliti otsika madzulo, zimene tchaja ilibe nazo kanthu. Nyumba zoyandikana ndi thiransifoma zimaona okwera usiku. Mukapeza kuti kwanu amakonda kupitirira 250, mpata umene watsala pakati pa inu ndi malire a kapasita ndi wochepa. Dziwitsani a ESCOM kuti adzaone thiransifoma, ndipo gadi yodula mavoliti okwera muigule mvula ya Novembala isanayambe.